Kuphatikiza masilaidi a mafayilo akale: musadine Keep Source Formatting musanaonere vidiyoyi

Takulandirani nonse! Muli ndi mafayilo atatu akale a PowerPoint, mwauzidwa kuti mawa pafunika fayilo imodzi, mwakopera mwapesita, kenako mitu ikudumphadumpha, silaidi iyi yabuluu inayo yobiriwira. Tikonza zimenezo pompano, ndipo khalani mpaka sitepe yachitatu chifukwa pali bodza lina limandipweteketsa mutu.

Sitepe 1, mwachangu. Sankhani fayilo imodzi yoti ikhale kholo, yomwe maonekedwe ake mukuwafuna, muisunge ndi dzina latsopano. Zoyambirira zija musazikhudze.

Sitepe 2, saizi. Pitani pa Design, Slide Size. Mafayilo akale ambiri ndi a 4:3 chifukwa 16:9 inayamba kubwera yokha ndi PowerPoint 2013. Sinthani saizi pa kope ya fayilo yakaleyo musanasamutse kalikonse, akakufunsani sankhani Ensure Fit, Maximize imatha kukankhira zinthu kunja kwa silaidi.

Sitepe 3. Bodza lija nali: akuti ukamapesita uzisankha Keep Source Formatting kuti pasaonongeke kanthu. Ayi abale, ayi! Onani pa sikirini apa. Silaidi iliyonse imatsamira pa chikombole chake, chomwe chimasunga mafonti, mitundu ndi malo a mutu, ndipo mumachiona mukapita pa View, Slide Master. Mukadina Keep Source Formatting silaidi sibwera yokha, imabwera itanyamula chikombole chake chonse. Ndiye inde lero ikuoneka bwinobwino ngati mmene inalili, koma fayilo yanu tsopano ili ndi zikombole ziwiri, mukatenganso ku fayilo yachitatu zakwana zitatu, ndipo nthawi zina fayilo imodzimodziyo imabweretsa china mukapesita kachiwiri.

Iyi ndatsegula apayi ndinachita kuiphatikiza dala mwanjira imeneyo, masilaidi 24 ochokera m'mafayilo atatu. Taonani kumanzereku, Office Theme, 1_Office Theme, mndandanda mpaka pansi. Tinambala ta kutsogoloto ndiye chizindikiro choti zinthu zabwerezedwa. Tsopano ndisinthe logo pa chikombole choyamba... mwaona? Masilaidi 9 okha ndi amene asintha, ena 15 ali phee ndi logo yakale chifukwa akumvera chikombole china. Munthu amazindikira zimenezi usiku, msonkhano uli mawa mmawa, ndipo zimandiwawa chifukwa anangotsatira malangizo amene anamva kuti ndi otetezeka. Ngati zinakuchitikiranipo dinani laiki, ndipo amene simunapange sabusikiraibu pangani pano tisanapitirire.

Choyenera kusankha mukamapesita ndi Use Destination Theme. Kapena, ngati PowerPoint yanu ikadali ndi Reuse Slides, pitani pa Home, New Slide, Reuse Slides, musankhe fayilo yakale ija, kabokosi ka Keep source formatting mukasiye kopanda chizindikiro. Silaidi imalowa n'kuvala zovala za fayilo kholo.

Ndimalola Keep Source Formatting pamalo amodzi basi: silaidi ya bungwe lina yomwe iyenera kuonekabe ngati yawo.

Sitepe 4, chifukwa ndikudziwa wina anena kuti ndachita zomwezo koma zina sizinasinthe. Zoona. Zimene zimasintha ndi zokhazo zomwe zinalembedwa m'mabokosi a chikombole. Ngati mwini fayilo anajambula bokosi lakelake ndi Text Box, kapena anasankha fonti ndi mtundu pamanja, zimenezo zimakakamira. Kuti muzigwire pitani pa View, Outline View: silaidi yomwe ili ndi mutu pa sikirini koma kumanzere kulibe mawu, dziwani kuti mutuwo uli m'bokosi lapadera. Dinani Layout, sankhani Title and Content, mawuwo muwasamutsire m'bokosi lenileni, kenako Reset. Mawu amakani aja asankheni n'kudina Ctrl+Space, fonti yapamanja ichoka. Ikakhala fonti yakale yomwazikana paliponse, Home, Replace, Replace Fonts imaisintha fayilo yonse kamodzi.

Matchati muwayang'ane ndi maso anu, limodzilimodzi. Mitundu yake nthawi zambiri imatsatira mitundu ya chikombole, ndiye mzere umene unali wofiira kusonyeza kuluza utha kusanduka wobiriwira, pomwe mawu pansi akunenabe kuti onani mzere wofiira. Za matchati ndinapanga vidiyo yake payokha, ili pamwamba apa.

Sitepe 5. Bwererani ku Slide Master, ikani mausi pa kalikonse kumanzereko, PowerPoint ikuuzani masilaidi amene akukagwiritsa ntchito. Chomwe chalembedwa kuti palibe silaidi yochigwiritsa ntchito ndipo ndi chochokera ku mafayilo akale aja, chifufuteni. Ine masilaidi 15 aja ndawasamutsira ku chikombole choyamba ndi Layout, zikombole zinazo ndafufuta, chatsala chimodzi, ndisinthenso logo ija... onse 24 asintha!