Mwana wa zaka 15 m'munda wa fodya, ndi makalata ena a sabata ino

"Ndine mlimi wa fodya wa bale kuno ku Kasungu. Ndinalemba ganyu mnyamata wa zaka 15, mwana wa mnansi wanga, ali Fomu 1. Amabwera akaweruka kusukulu, kuyambira 2 koloko mpaka 6 koloko, ndipo Loweruka amayamba 6 koloko m'mawa mpaka 12 koloko. Amathyola, kusoka ndi kupachika m'chigafa. Ndimamulipira bwinobwino. Loweruka lapitali anasanza kwambiri ndi kumva chizungulire, koma kuchipatala malungo sanapezeke. Tsopano a komiti ya m'mudzi akundiopseza kuti andinenera. Ndinamva kuti mwana akakwana zaka 14 akhoza kulembedwa ntchito. Nanga ine ndalakwa chiyani?"

Zikomo bambo a ku Kasungu. Dzina lanu sinditchula, monga mwa mwambo wathu pano. Kalata yanu ndaiika pamwamba pa mulu wonse chifukwa mwalemba mosabisa, ndiye nanenso ndikuyankhani mosapsatira.

Zomwe munamvazo ndi zoona, koma munamva theka. Lamulo la ntchito la mu 2000, pa gawo 21, limaletsa kulemba ntchito munthu wosakwana zaka 14. Pamenepo muli bwino. Koma gawo lotsatira, la 22, likunena za ana a zaka zoyambira 14 osafika 18, kuti asagwire ntchito yomwe ingawononge thanzi lawo, kuika moyo wawo pachiswe, kuwononga khalidwe lawo, kapena kuwasokoneza kusukulu. Ndiye poti mawu amenewo aliyense amatha kuwamasulira momukomera, mu 2012 boma linatulutsa mndandanda wotchula ntchitozo imodziimodzi, pamodzi ndi malire a maola. Mndandanda umenewo ndiwo wakugwirani, bambo, ndipo wakugwirani pawiri.

Tiyambe ndi maola, tiwerengere limodzi. Mwana wosakwana zaka 18 sayenera kupitirira maola 40 pa sabata, pomwe wamkulu amafika 48. Koma ngati mwanayo ali pasukulu, sukulu ikakhala yotsegula malire amatsika kufika pa maola 20 pa sabata. Maola 40 aja amabwerera pokhapokha sabata yonseyo ikakhala ya holide. Komanso pali malire a tsiku: ngati lero ndi la sukulu ndipo mawa kulinso sukulu, asapitirire maola atatu, ngati mawa kulibe sukulu, monga Lachisanu, akhoza kufika anayi.

Tsopano tengani cholembera. Mnyamata wanuyo akugwira maola anayi tsiku lililonse, Lolemba mpaka Lachisanu. Amenewo ndi maola 20 kale, mlingo wa sabata yonse watha Loweruka lisanafike. Muonjezepo 6 a Loweruka, akwana 26. Ndiye kuti mwapitirira ndi maola 6 pa sabata, komanso kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi mukumadumpha malire ndi ola limodzi tsiku lililonse. Kuti zikhale m'malamulo, akanamagwira atatuatatu masiku anayi aja, akwana 12, kenaka anayi Lachisanu, akwana 16, n'kutsala anayi okha oti agwire kumapeto kwa sabata. Ndipo 6 koloko madzulo ikakwana azikhala ataweruka, chifukwa ntchito ya usiku ndi yoletsedwa kwa aliyense wosakwana zaka 18.

Ndikudziwa, mwayamba kale kuganiza kuti, "Basi ndingomuchepetsera maola." Dikirani kaye. Masamu onsewa amagwira ntchito pa ntchito yololedwa yokha. Fodya ali pa mndandanda wa ntchito zoopsa: kudula nsonga ndi kuchotsa mphukira ndi manja, kugwira masamba, kusankha, kuumitsa. Pamenepo palibe zoti maola angati. Ngakhale theka la ola, wa zaka 15 sayenera kupezekapo, wa zaka 17 chimodzimodzi.

Chifukwa chake mwachilemba nokha m'kalata yanu, mwina osazindikira. Tsamba laliwisi la fodya lili ndi chikonga, ndipo chikonga chimasungunuka m'madzi. Munthu akalowa m'munda 6 koloko m'mawa, mame ali chonchi, kapena mvula itangokata, amathyola masamba n'kumawapanira m'khwapa. Malaya amanyowa n'kumamatira pakhungu, manja amada ndi utomoni uja, ndipo chikonga chimalowa m'thupi kudzera pakhungupo, osasuta ndudu ngakhale imodzi. Pakapita maola ochepa mutu umayamba kuwawa, nseru, kusanza, chizungulire, thupi lonse kufooka. Mwana amavutika kwambiri kuposa inu chifukwa thupi lake ndi laling'ono ndipo silinazolowere chikonga. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya kuno kwathu, lomwe linati tsiku lachinyezi mwana akhoza kulowetsa m'thupi chikonga chofika mamiligalamu 54, chofanana ndi cha ndudu pafupifupi 50.

Ine si dokotala, ndipo munachita bwino kupita naye kukayezetsa, chifukwa kusanza m'nyengo ya dzinja sikoseweretsa. Koma taonani mmene zinayendera: sanadwale Lachiwiri madzulo masamba atauma, anadwala Loweruka, tsiku lokhalo lomwe amalowa m'munda ndi mame. Matenda amenewa kawirikawiri amayamba tsiku lomwelo munthu wagwira fodya wonyowa, ndipo amatha okha pakapita tsiku limodzi kapena masiku angapo munthu akasiya kugwira fodyayo. Mukabwerera naye kuchipatala mukawauze achipatala zomwe amagwira m'mawa umenewo. Ndipo kwa akuluakulu omwe atsale m'mundamo: dikirani mame akamuke, valani za manja aatali ndi magolovesi, malaya akanyowa sinthani, mukaweruka sambani ndi sopo.

Nanga a komiti aja akungokuopsezani? Ayi ndithu. Lamulo lija linaika chilango cha zaka zisanu kundende. Chindapusa chomwe chinalembedwamo mu 2000 ndi K20,000, ndipo ndikumva ena akuseka uko kuti imeneyo lero ndi ya ndiwo, koma zaka zisanu sizinagwe mphamvu ngati kwacha. Palinso china chomwe alimi ambiri sachidziwa: gawo 23 limalamula aliyense wolemba ntchito ana osakwana zaka 18 kusunga kaundula wawo. Kope wamba likwanira, mulembemo dzina ndi tsiku lobadwa. Ngati mumalima pa mgwirizano ndi kampani, werenganinso pepala lanu, chifukwa makampani ogula fodya amaletsa zimenezi ndipo alangizi awo amayendera minda. Kumbukirani kuti mu Novembala 2019 dziko la Amerika linalamula kuti fodya wochokera ku Malawi azimugwira pa doko chifukwa cha nkhani za ntchito yokakamiza ndi ya ana zomwezi.

Ndiye chochita n'chiyani? Mnyamatayo musamuthamangitse ngati waba, chifukwa ndikukhulupirira ndalamayo ndi yomwe akugulira makope ndi sopo. Mchotseni ku fodya lero lomwe. Ngati muli ndi ntchito ina yopepuka, monga kudyetsa nkhuku, kusesa pabwalo, kutola mazira, kukuthandizani kulemba m'kope masiku a aganyu, mpatseni imeneyo m'maola tawerenga aja. Botolo la mankhwala ophera tizilombo asaliyandikire, mpope wopopera asaubereke, belo asanyamule. Kenaka pitani nokha kwa a komitiwo, kapena ku ofesi ya zantchito ya pa boma, mukawauze zomwe mwasintha, asanabwere okha.

Tipite kwina. Mayi wina wa ku Ntcheu akuti, "Ndiye mwana wanga wa zaka 10 asatsuke mbale?" Atsuke, mayi, ndi mapoto omwe. Ntchito za pakhomo panu lamulo silinaletse. Ana amene mukumvera, musati ndakumasulani.

Bambo wa ku Machinga akufunsa za anyamata omwe amadumphira pansi pa madzi ku nyanja ya Chilwa kukakola makoka akakodwa. Ntchito ya pansi pa madzi ndi yoopsa moonekeratu, bambo, ndipo ngati akuyenda ndi bwato usiku ndiye zalakwika kawiri.

Mtsikana wa zaka 17 wa ku Mzuzu akuti azakhali ake akufuna kuti aziwathandiza kugulitsa mowa pa bala yawo, ati poti wakula thupi. Mwanawe, lamulo siliyeza ndi maso, limawerenga zaka. Pa bala si malo ako. Azakhali, ngati mukumvera, moni, ndipo funani munthu wamkulu.

Wina wa ku Area 25 mu Lilongwe sanadzitchule n'komwe. Akuti anansi ake anakatenga kamtsikana ka zaka 12 kumudzi kuti kazilera mwana, ndipo sukulu kanasiya. Apa ndinene chilungamo, lamulo la ntchito lili ndi mpata, chifukwa gawo 21 lija linapatula ntchito yogwiridwa m'nyumba, ndipo anthu amabisala pamenepo. Koma malamulo aakulu a dziko, pa gawo 23, amateteza mwana ku ntchito yomusokoneza maphunziro, ndipo chisinthireni mu 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la maphunziro la mu 2013 linanenanso kuti sukulu ya pulayimale ndi yokakamiza. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena mukauze a zachisamaliro cha anthu ku ofesi ya boma.

Tsono pali makalata ambiri omwe sindiwerenga, chifukwa onse akuimba nyimbo imodzi: "Ife tinakula tikulima, tinafa?" Abale anga, omwe zinawavuta salemba makalata ku wailesi. Palibe amene akuti mwana asaphunzire kugwira khasu. Mwana apite kumunda ndi makolo ake Loweruka, adziwe kupanga mzere, adziwe kusiyanitsa chimanga ndi udzu. Chomwe chimandipweteka n'chakuti mlimi yemwe akunena kuti ntchito imaumba mwana, wake ali kusukulu yogonera konko, ndipo yemwe akuumbidwayo ndi mwana wa tenanti kapena wa mayi wamasiye wa kuseri kwa dambo. Kunena zoona, mwana timamulemba chifukwa ndi wotchipa ndipo satsutsa. Utenanti womwewo, womwe unkakokera banja lonse m'munda kuti bambo akwanitse kubweza ngongole ya chakudya, Nyumba ya Malamulo inauthetsa mu 2021, koma makalata ochokera ku Mchinji ndi ku Mzimba akusonyeza kuti m'minda ina wangosintha dzina. Ndikudziwa kuti mitengo ya ku okushoni imapweteka ndipo waganyu wamkulu amadula. Mkangano umenewo ndi wa inu ndi ogula fodya, ndipo mukalemba za iwo ndidzawerenga mokweza.

Kalata yomaliza yachokera ku Dedza, kwa mnyamata wa zaka 16 yemwe akufunsa ngati angagwire ntchito m'golosale pa holide. Ungathe, mphwanga. Maola asapitirire 40 pa sabata, 6 koloko madzulo uzikhala utatuluka, matumba olemera asiyire akuluakulu, ndipo tenga chiphaso chako cha unzika kuti abwana alembe zaka zako zenizeni m'kaundula. Sukulu ikatsegulira, maola abwerere pa 20.