Masekondi atatu oyamba a vidiyo ya zovala: uthenga wa mawu ku gulu la ogulitsa

Eee, azimayi anzanga, ndiyankhe za mavidiyo zija poti ambiri mwafunsa mmene mungayambire vidiyo ya zovala kuti anthu asangoidutsa. Moni uja wa koyambirira kwa vidiyo chotsani. Ndikudziwa, ndikudziwa, kwathu kuno munthu suyamba nkhani usanapereke moni. Koma pa TikTok kapena pa Reels munthu chala chili kale pa foni, akungodutsa. Inu mukamati "muli bwanji nonse, takulandiraninso", masekondi atatu atha, iye wapita kale. Ngakhale Facebook yeniyeniyo, ikamakuonetsani mmene vidiyo yayendera, imawerenga padera anthu amene afika masekondi atatu. Ndiye moni bwerani naye pambuyo, kapena ku inibokosi.

Ndiye muyambe ndi chiyani? Tiyeni titenge... tinene kuti mwatsegula belo la madiresi, mwapezamo yabwino, sayizi 18, mukufuna K15,000. Mawu oyamba aitane mwini wake wa diresiyo. "Amayi a sayizi 18, diresi iyi ndi K15,000, ilipo imodzi yokha." Basi. Mwamva? Sayizi, mtengo, ndi kuti ndi imodzi. Wa sayizi 10 adutsa, musiyeni adutse, sanali wanu. Koma mayi uja amene amazungulira msika wa Tsoka tsiku lonse osapeza yomukwana, ameneyo chala chiima.

Ndipo diresiyo ikhale ikuoneka kale pamene mukutsegula pakamwa. Osati mukuyamba kumasula jumbo, ayi. Yavalidwa kale, munthu akutembenuka nayo. Ya pa hang'ala siiimitsa munthu ngati yovalidwa, chifukwa wogula akufuna aone mmene ikukhalira m'chiuno.

Njira ina ndi kuyamba ndi vuto lake. "Muli ndi chinkhoswe Loweruka koma chovala mulibe?" Kapena kwa a jinzi, "Jinzi ikumakukwanani m'ntchafu koma m'chiuno n'kutsala mpata?" Funso lotere munthu amayankha mumtima, ndiye akamayankha waima. Koma funso likhale la munthu mmodzi. "Mukufuna zovala zabwino?" limenelo si funso, ndani safuna?

Tsopano apa, apa mumvetsere, chifukwa ine pandipweteka pamenepa. Mawu amenewa musangowalankhula, muwalembenso pa vidiyopo. Anthu ambiri amaonera foni ili chete, ali mu minibasi, ali ku ofesi, mwana wagona. Ine ndinkalemba ndithu, koma ndinkalemba m'munsi. Pa foni yanga pokonza zikuoneka bwinobwino. Ikakwera pa TikTok, m'munsi muja ndi momwe mumakhala dzina lako ndi mawu ofotokozera aja, kumanja kuli kamtima ndi tizizindikiro tina tija. Mtengo wanga unkabisika kuseri kwa dzina langa lomwe! Anthu n'kumafunsa "zingati, zingati", ine n'kumakwiya kuti kodi sawerenga. Ayi, sankauona. Ndiye lembani chapakati, kukwerako pang'ono, koma osati pamwamba penipeni, kumenekonso kuli zolemba zawo. Ndibwerezenso, asisi amene munafunsa dzulo: pakati, kukwerako pang'ono, osaphimba nkhope kapena khosi la diresi. Zilembo zazikulu, mawu ochepa, "Sayizi 18, K15,000". Zioneke vidiyo ikangoyamba, zisachite kutulukira mochedwa movinavina muja. Mukaika, tsegulani pa foni ya munthu wina muone ngati zikuwerengeka.

Pali mnzathu wina, sindimutchula, tinamuuza zimenezi. Iye ayi, analipira mnyamata amupangire chizindikiro cha bizinesi chozungulirazungulira ndi nyimbo, chimatha masekondi asanu chovala chisanaoneke. Katundu ali naye wabwino kuposa wanga, koma mpaka lero akuti anthu amamuchitira nsanje. Bandulo ya munthu ithere pa chizindikiro chanu?

Eya, ndimaiwala, za "imodzi yokha" zija. Nenani ngati ilidi imodzi. Kaunjika amakuthandizani pamenepo poti zofanana sizichuluka. Koma ngati mwaoda zatsopano khumi zofanana, mawa mukuonetsanso yomweyo, anthu amakumbukira. Chimodzimodzi "kuyambira K5,000" pamene mwanyamula ya K20,000. Aima inde, koma akafika ku inibokosi n'kumva mtengo weniweni, sabwereranso.

Mukafuna kudziwa ngati mawu anu agwira, musayang'ane timitima. Pa TikTok tsegulani ziwerengero za vidiyoyo, pali kamzere koonetsa pamene anthu anachokera. Kakagwa phompho poyambirira penipeni, vuto ndi mawu oyamba kapena chithunzi choyamba. Kakagwa pakati, chiyambi chili bwino, mwangotalikitsa. Diresi yomweyo ijambuleni kawiri, ina yoyamba ndi sayizi, ina yoyamba ndi funso la chinkhoswe, zina zonse zisasinthe, muike masiku osiyana koma nthawi yofanana. Pa Status ya WhatsApp kamzere kameneko kulibe, mumangoona amene atsegula, ndiye kumeneko werengani amene akulemberani. Za kuwala ndi kolowera dzuwa ndinena mawa, foni yatsala pang'ono kuzima.