CCNA yanu inatha mu 2019: kodi CV yanu ikuyenerabe ntchito ya netiweki?

[Wolankhula wakhala patebulo, m'manja muli CV yosindikiza]

Muli bwanji abale ndi alongo. Pepala ndanyamulali ndi CV ya mnyamata wina wa ku Kabwata. Anandilola kuti ndikuonetseni, dzina lokha ndafufuta. Wakhala akufunsira ntchito yoyang'anira netiweki kangapo kuno ku Lusaka, koma foni siilira. Pamwamba pa CV analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ali ndi CCNA, satifiketi ya za netiweki ya kampani ya Cisco. Nditamufunsa kuti mayeso ake analemba liti, anati mu Novembala 2016. Vuto lagona pamenepo.

CCNA ya Cisco imagwira ntchito zaka 3 zokha. Ya mnyamatayu inatha mu Novembala 2019. Digiri ya ku UNZA kapena dipuloma ya ku Evelyn Hone ndi yanu mpaka kalekale, koma satifiketi ya kampani yopanga zipangizo ili ngati laisensi yoyendetsera galimoto: ili ndi tsiku lothera. Ndipo munthu wosankha ma CV sachita kukuimbirani kuti adziwe zimenezi. Cisco imapereka baji kudzera pa webusaiti ya Credly, ndipo pabajipo pamaoneka tsiku limene satifiketi inaperekedwa ndi limene inatha.

[Pa sikirini: 200-125 kumanzere, 200-301 kumanja]

Wina anena kuti, "Koma rauta ndi rauta, chasintha n'chiyani?" Funso labwino, ndipo mbali ina akunena zoona. Kugawa ma adiresi a IP sikunasinthe. VLAN ya mu 2016 ndi yomweyo lero. Amene ankamvetsa OSPF nthawi imeneyo akhoza kuikumbukira pa masabata awiri.

Koma mayeso enieniwo anasintha. Mnyamatayu analemba 200-125, amene ankatchedwa CCNA Routing and Switching. Pa 24 Febuluwale 2020 Cisco inachotsa mayeso amenewo n'kubweretsa 200-301. EIGRP, imene iye anaivutikira usiku wonse, siilinso mutu wa mayeso atsopanowa. M'malo mwake munalowa netiweki yopanda mawaya ndi chipangizo chimene chimayang'anira pamodzi ma AP onse ofalitsa Wi-Fi, nkhani za chitetezo zinakula, ndipo munabwera gawo la kuyendetsa netiweki pogwiritsa ntchito mapulogalamu: REST API, JSON ndi zida ngati Ansible. Choncho bwana akalemba mu adiveti kuti akufuna CCNA yomwe ikugwirabe ntchito, m'mutu mwake muli munthu amene anakumanapo ndi zimenezi. Akaona ya 2016, amadziwa kuti maziko alipo, koma denga sanalione.

Chimene chimandipweteka kwambiri pa CV imeneyi si satifiketi yakuthayo ayi. Ndi mmene mnyamatayu anabisira ntchito yake yabwino.

[Kamera iyandikira gawo la maluso pa CV]

Taonani mndandanda wa maluso ake: Cisco, VLAN, OSPF, Windows Server, Linux, Python. Palibe chaka ngakhale chimodzi. Wowerenga amatsika m'munsi kukafufuza yekha kuti chilichonse anachigwira liti. Apeza kuti kuyambira 2016 mpaka 2019 ankagwira ntchito kukampani ina ya intaneti, kukonza marauta tsiku ndi tsiku. Kuyambira 2019 mpaka lero ali pakampani ina, ndipo walembapo mzere umodzi wokha wakuti amathandiza ogwira ntchito pa mavuto a makompyuta. Wowerenga aganiza chiyani? Aganiza kuti munthuyu anasiya kugwira suwichi mu 2019, chaka chomwecho satifiketi inatha, ndipo kuyambira pamenepo wangokhalira kukonza mapirinta ndi kusintha mapasiwedi. Zinthu ziwirizo zikutsimikizirana, CV n'kupita pamulu wa okanidwa.

Titakhala pansi n'kucheza, zinatuluka zina. Chaka chatha kampani yawo inatsegula nthambi ku Makeni, ndipo amene anaika masuwichi 4, n'kugawa netiweki kuti makamera, mafoni ndi makompyuta a maakaunti zisamayende njira imodzi, ndi iyeyo. Sanalembe chifukwa ankaona kuti si udindo umene anamulembera. Komatu mzere umenewo ndi umene ukanamupulumutsa. Umauza wowerenga kuti manja akadali otentha.

Tinakonza motere.

[Pa sikirini]

```
CCNA Routing and Switching, passed Nov 2016, expired Nov 2019
```

Ndikudziwa kuti ena mukuti kulemba choncho n'kudziwotcha wekha. Ine sindikuona choncho. Ukalemba CCNA popanda chaka n'kuitanidwa, adzakupempha pepala kapena linki ya baji, ndipo akaona kuti inatha kalekale adzayamba kukayikira chilichonse chimene walemba, ngakhale choona. Ukalemba poyera, satifiketiyo imakhalabe umboni wakuti unadutsa mayeso ovuta. Tinangoichotsa pamwamba n'kuitsitsira m'munsi, ndipo pamalo pake tinaikapo ntchito ya ku Makeni ija, ndi chaka chake, mtundu wa masuwichi ndi chiwerengero cha ma VLAN.

Pali malire ake, ndisakunamizeni. Ngati adiveti yanena kuti satifiketi yogwira ntchito ndi yofunika ndithu, yakutha siilowa m'malo. Izi zimachitika kawirikawiri m'makampani ogulitsa ndi kuika zipangizo za Cisco, chifukwa ubale wawo ndi Cisco umadalira kukhala ndi antchito amene masatifiketi awo ali amoyo, ndiponso popikisana pa ma tenda a makontirakiti amafunika kuphatikiza mapepalawo. Kumeneko nzeru zako zingachuluke bwanji, pepala lakutha silingawathandize. Koma adiveti ikangoti CCNA ndi mwayi wowonjezera, ntchito ya chaka chatha imalemera kuposa tsiku lothera.

Mukalowa mu intavyu, dzimbiri limaonekera msanga. Angakuuzeni kuti kompyuta ya munthu wina siikupeza adiresi, muyambira pati? Amene wagwira suwichi posachedwa saganiza kawiri, ayamba waona kaye ngati poti ili mu VLAN yoyenera:

```
show vlan brief
show interfaces trunk
```

Amene anasiya kale amayamba kufotokoza tanthauzo la VLAN ngati ali m'kalasi. Ofunsa amamva kusiyanako.

Nanga kuibwezera? Apa mvetserani bwino, makamaka inu amene yanu isanathe. CCNA ikadali yamoyo, mukhoza kuiwonjezera zaka 3 posonkhanitsa mapointi 30 a maphunziro opitiriza a Cisco, kapena polemba mayeso oyenera. Ikangotha, khomo la mapointi limatsekeka ndipo muyenera kulembanso mayeso onse. Mtengo wa 200-301 ndi madola 300 a ku America, msonkho usanalowe, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama imeneyo imalumira ikasinthidwa kukhala kwacha. Amene muli ndi za Microsoft ngati AZ-104, zanu zimatha chaka chilichonse, koma kuwonjezera kwake n'kwaulere pa Microsoft Learn, bola muchite m'miyezi 6 yomaliza zisanathe. Lowani lero muone tsiku lanu, mulilembe pakalendala ya mufoni.

Mnyamata wa ku Kabwata uja pakali pano akusunga ndalama ya mayeso. Madzulo amayeserera pa pulogalamu ya Packet Tracer, imene imapezeka mwaulere kudzera ku Cisco Networking Academy, ndipo wayambira pa gawo la zopanda mawaya ndi JSON, zimene munalibe m'mayeso ake akale. Anafuna kulemba pa CV kuti akukonzekera 200-301. Ndinamuuza kuti ayembekeze mpaka atalipira n'kupatsidwa tsiku la mayeso, kenako alembe tsikulo.