Mafuta a bulugamu: kufukiza, kupaka kapena difyuza?

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Chiperoni chafika kuno ku Thyolo, chimfine chili khomo ndi khomo, ndipo ena mwagula timabotolo ta mafuta a bulugamu. Musawayese ngati masamba omwe timawiritsa aja, awa ndi aukali kwambiri. Timawerenga madontho, sitithira ndi supuni, ndipo sitimwa. Mwana akamwa ngakhale pang'ono akhoza kukomoka, choncho botolo lizikhala patali.

Tiyeni titenge nyumba imodzi. Bambo mphuno zatsekeka, mayi mapewa akuwawa ndi dengu la tiyi, ndipo pali mwana wa chaka chimodzi.

Bambo aja afukize. Thirani madzi otentha m'beseni, adikire pang'ono asiye kubwata, ndiye muikemo madontho awiri basi. Beseni likhale poti silingagwedezeke, nkhope italikire ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, afunde chitenje, atsinzine, apume nthunziyo mphindi 5 kapena 10. Maso akayamba kuwawa kapena chifuwa kubanika, avundukule pompo. Amene ali ndi mphumu ayi, izi si zawo. Koma chimene ndimaopa ine kwenikweni ndi madziwo. Mwana wokwawa akagwira beseni, lakhuthukira pamiyendo, mwayamba ulendo wa kuchipatala chifukwa cha chimfine chomwe chikanatha chokha. Ana sitiwafukiza, ndipo pofukiza akuluakulu mwana akhale panja ndi munthu.

Mayi aja nthunzi siwathandiza, vuto lili m'mapewa. Awa ndi opaka, koma osati mafutawo okhaokha, amawotcha khungu. Dontho limodzi kapena awiri pa supuni yaing'ono ya mafuta a mpendadzuwa. Ayambe ayesa kaye pang'ono mkati mwa mkono, aone mawa lake. Pakafiira kapena kuyabwa, aleke. Inde amayi kumbuyoko, mwafunsa bwino kuti pakawotcha titani: pukutani ndi mafuta ophikira kenako sopo, poti madzi okha sachotsa mafuta. Ndipo mwapaka m'mapewa, mwana mumubereka kumsana, mphuno yake ili pomwepo. Pakani usiku iye atagona, mum'bereke mutasamba.

Nanga difyuza, kamakina kamagetsi kopemerera fungo m'chipinda kaja? Kamaoneka kofatsa, koma sikasankha munthu. Aliyense ali m'chipindamo akupuma, khanda lomwe, agogo a mphumu omwe. M'nyumba yathu ija, ya mwana wa chaka chimodzi, bulugamu m'difyuza ine ndikukana. Kumene kuli akuluakulu okha, madontho atatu m'madzi ake, kayake theka la ola, zenera lili pululu, kenako muzimitse. Mutu ukayamba kulemera, mwachulutsa.

Bambo aja akatsokomola mpaka masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku, beseni alisiye, akapereke makhololo kuchipatala akayezetse TB. Pali dzanja uko, funsani, bambo.