Mayi ali m'chipatala ku Katete, intavyu ili Lachitatu ku Chipata

"Aulutsi, ndine mtsikana wa ku Katete. Andiitana ku intavyu ya ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogula mbewu ku Chipata, Lachitatu lino pa 12, nthawi ya 09:00. Koma dzulo usiku amayi anadwala mwadzidzidzi, awagoneka ku St Francis, ndipo wowadwazika ndine ndekha. Mlongo wanga afika Lachinayi madzulo kuchokera ku Petauke. Ndiwauze bwanji a kampani kuti asandione ngati wabodza kapena wosafuna ntchito?"

Pepani ndi matendawo, chemwali, amayi achire msanga. Uthenga wanu watipeza lero Lolemba, ndiye nthawi ikadalipo, koma si yambiri. Mawa maofesi akangotsegula 08:00, imbani foni pa nambala imene anakuitanirani. Musadikire kuti muone kaye mmene amayi agonere usiku wa Lachiwiri. Amene amafunsa mafunso pa intavyu nthawi zambiri amakhala anthu atatu kapena anayi, aliyense wasiya ntchito yake kuti akhale pa tebulo limenelo, ndipo mayina a oitanidwa amawandandalika kale ndi maola awo. Mukawauza kutatsala tsiku lathunthu, angathe kusuntha mayina popanda vuto. Mukawauza Lachitatu 08:45, mpando wanu ukhala wopanda munthu, ndipo chimenecho ndicho adzakumbukira. Ikani mayunitsi okwanira mu foni. Zongoliza n'kudula kuti iwo akuimbireni, zisiyeni.

Mukatha kulankhula nawo, tumizaninso uthenga wolemba, pa meseji kapena pa imelo ngati anakuitanani pa imelo. Woyankha foni angathe kukhala mlembi amene ali ndi zambiri m'mutu, koma cholembedwa amangochipereka kwa bwana mmene chilili. Mungalembe chonchi, m'chilankhulo chimene iwo anakulemberani:

"Mwadzuka bwanji. Ndine uje, amene munandiitana ku intavyu ya ukalaliki Lachitatu pa 12, 09:00. Pepani, sinditha kufika tsikuli chifukwa amayi anga awagoneka m'chipatala mwadzidzidzi ndipo ndikuwadwazika. Ntchitoyi ndikuifunabe kwambiri. Ndingathe kubwera Lachisanu pa 14, 14:00, kapena Lolemba pa 17, nthawi iliyonse kuyambira 10:00. Ngati mungakonde, ndingathenso kuyankha mafunso pa foni Lachitatu lomwelo masana. Chonde mundiuze imene ikukomerani. Zikomo."

Mwamva kuti "pepani" wabwera kamodzi kokha. Akwanira. Ife kuno timakonda kupepesa mpaka kugwada, ndipo pamudzi ndi ulemu ndithu, koma uthenga wa ku ofesi ukadzaza ndi kupepesa, woulandira amafika pa mzere wachisanu asanadziwebe chimene mukupempha. Za matendanso, mawu ochepa aja ndi okwanira. Dzina la matenda, ndalama zimene mwawononga, mmene munapezera galimoto usiku, zonsezo ndi za pabanja. Ndipo chithunzi cha amayi ali pa bedi musatumize, ngakhale mukuopa kuti akuyesani wabodza. Akafuna umboni adzanena okha, ndipo mudzawaonetsa pepala la kuchipatala tsiku limene mudzapite. Kunena zoona, nkhani yotalika kwambiri ndi imene imakayikitsa anthu, osati yaifupi.

Tsopano pa masiku atsopanowa, apa ndi pamene ambiri amaphonya. Ena amalemba kuti "ndidzakuuzani zinthu zikakhala bwino." Pamenepo mwawasiyira ntchito yokudikirani, ndipo sadzadikira. Ena amati "tsiku lililonse limene mungafune," ndiye akawapatsa Lachinayi m'mawa, amayambanso kupepesa. Kusintha kamodzi anthu amamvetsa. Kusintha kachiwiri, ambiri amangodutsa dzina lanu. Choncho tchulani masiku amene mukudziwa kuti simudzalephera, ngakhale amayi atakhala asanatuluke.

N'chifukwa chake sindinaike Lachinayi, ndiponso Lachisanu ndaika masana. Mlongo wanu mwati afika Lachinayi madzulo, koma basi ya pa msewu wa Great East ingachedwe, kapena iye angagwidwe ndi zina n'kufika Lachisanu m'mawa. Ndiponso m'mawa ndi pamene madokotala amayendera odwala, ndipo wodwazika amene akudziwa mmene matenda anayambira amafunika akhale pafupi. Mukamuonetsa mlongo wanu zonse n'kunyamuka cha m'ma 10:00, muli ndi mpata. Kuchoka ku Katete kufika ku Chipata ndi makilomita opitirira 80, ndipo minibasi sinyamuka isanadzaze, ndiye musawerengere ola limodzi lokha. Dzipatseni maola atatu, mukafike, mukapukute fumbi, mukapume.

Musaponyenso masikuwo kutali. Ofunsa aja akatha kuona anthu onse amaphatikiza mamalikisi n'kusankha, kawirikawiri m'masiku ochepa. Mukapempha sabata ziwiri kapena zitatu, mudzapeza wina wayamba kale ntchito. Lachisanu ndi Lolemba ali pafupi, ndipo mwawapatsa tsiku lina masana, lina m'mawa, kuti asankhe. Lembani dzina la tsiku pamodzi ndi deti yake, chifukwa "Lolemba" lokha wina angalimve ngati la sabata ina.

Za pa foni zija, muziike pokhapokha ngati mungazikwanitse. Mu wodi muli phokoso, ndipo si ulemu kwa odwala ena. Yendani lero, mupeze malo panja pamene netiweki ikugwira bwino, foni ikhale yotchaja, ndipo mupemphe wodwazika mnzanu wa pa bedi loyandikana kuti akuyang'anireko amayi kwa theka la ola.

Akapanda kuyankha pofika mawa masana, imbaninso kamodzi cha m'ma 14:00, mufunse ngati uthenga wafika kwa woyenera. Angathenso kukuuzani kuti ofunsa amakhala tsiku limodzi lokha. Zimenezi zimachitika kwambiri m'maofesi a boma ndi m'mabungwe akuluakulu, makamaka ngati ena achokera ku Lusaka, ndipo sikuti akukuchitirani nkhanza. Zikatero funsani ngati angakuikeni kumapeto kwa mndandanda wa Lachitatu lomwelo, mwina 15:00 kapena 16:00. Kusuntha ola n'kosavuta kwa iwo kusiyana ndi kusuntha tsiku. Inu mudzangofuna munthu wa ku tchalitchi kapena mnansi woti akhale ndi amayi kuyambira madokotala akadutsa mpaka madzulo. Koma ngati amayi afooka kwambiri, khalani nawo, ndipo a kampaniwo auzeni mwaulemu kuti akukumbukireni malo ena akadzapezeka.

Wina watilembera kuchokera ku Lundazi: "Ine intavyu yanga inali dzana. Tinali ndi maliro a atate aang'ono ndipo sindinauze aliyense. Ndilembebe?"

Pepani ndi malirowo, achimwene. Lembani lero lomwe. Mwayi wachepa, sindikunamizani, koma meseji imodzi sikuwonongerani kanthu. Kusiyana kwake ndi kwa mlongo wathu wa ku Katete n'kwakuti inu mupepese pa zinthu ziwiri m'chiganizo chimodzi: kuti simunafike, ndiponso kuti simunawadziwitse. Nenani kuti munali ndi maliro a pabanja, tchulani masiku awiri a sabata ino amene mungafike, ndipo muwonjezere kuti ngati anasankha kale munthu, mwamvetsa. Akakhala chete, imbani kamodzi patapita masiku awiri, ndipo mulekere pomwepo.