Mabwalo awiri, funso limodzi

Aphunzitsi anzanga a kuno ku Chipata, kaya muli ku Kapata kaya ku Mchini, lero tikambe za mwana uja amene mukamufunsa m'Chingelezi amangoyang'ana pansi nkumakanda desiki. Kawirikawiri mawu amakhala akuwadziwa. Chimene amaopa ndi maso a kalasi yonse, ndiye tiyeni timuchotsere masowo.

Tinene kuti muli ndi ana 60 a giredi 3. Atulutseni panja, pamthunzi, muwagawe magulu asanu a ana 12. Pagulu lililonse, asanu ndi mmodzi aime mozungulira atayang'ana kunja, enawo awazungulire, aliyense ayang'anizane ndi mnzake. Wamanyazi muikeni bwalo la mkati, ndipo a mkatiwo ndiwo ayambe kufunsa. Kufunsa kumapepuka chifukwa mawu ake ndi omwewo, sasintha. Apatseni kachivindikiro ka botolo. Wogwira kachivindikiro ndiye wofunsa.

Funso likhale limodzi basi patsikulo, monga lofunsa dzina kapena kumene munthu akhala. Mulinene pamodzi katatu musanayambe. Pewani funso loyankhidwa ndi yesi kapena no, chifukwa wamanyazi adzangogwedeza mutu, kwatha.

Ikapita hafu ya mphindi, ombani m'manja, a kunja asunthe phazi limodzi kumanja. Akabwerera pomwe anayambira, mwana uja wafunsa anthu asanu ndi mmodzi, ndipo chifukwa onse akulankhula nthawi imodzi, palibe amene wamumva kupatula mnzake wapatsogolo. Tsopano kachivindikiro kapite kwa a kunja, iye ayankhe. Zonse zisapitirire mphindi 10, apo ayi ana amatopa nkubwerera ku Chinyanja.

Tsono mvetserani bwino apa. Podutsa kumbuyo kwawo mudzamva mwana atafunsidwa dzina akuyankha ndi mawu otanthauza "dzina lako ndi", m'malo mwa "dzina langa ndi". Ena amangobwereza funso lonse. Si kupusa ayi. Anazolowera kubwereza pamodzi chilichonse chimene aphunzitsi anena, ndiye sanazindikire kuti funso limafuna kutembenuzidwa. Musamudule pakamwa, chonde. Mukatero mawa satsegulanso. Dikirani kuzungulira kuthe, muitane mwana wolimba mtima, muonetse nonse awiri: pofunsa kuloza mnzako, poyankha dzanja pachifuwa. Kenaka onse abwereze ndi manja omwewo.

China ndi mwana wolongolola amene amayankhira mnzake asanapume nkomwe. Muuzeni kuti akafunsa awerenge chamumtima mpaka faifi.

Wonong'ona musiyeni anong'one sabata yoyamba. Mudzaona kuti wayamba kumasuka pamene mnzake wasiya kuwerama kuti amumve. Zikafika pamenepo, onjezani funso lachiwiri, koma loyamba lija lisasiyidwe, lizikhala lotsegulira tsiku lililonse.