Mayina a anthu a m'sewero: nkhani yokambidwa pa msonkhano wa magulu a zisudzo

Zikomo a wapampando, zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani kuno, malo alipo.

Mwandipatsa masewero anu kuti ndiwerenge, ndiye nditengapo limodzi tiliunike tonse. Mwini wake wavomera, koma sindimutchula. Nkhani yake ikuchitika m'mudzi wina ku Ntcheu m'chaka cha 2024. Muli agogo aakazi a zaka 75, mwana wawo wamwamuna, mkazi wa mwanayo, zidzukulu ziwiri, ndi wogulitsa nsomba wochokera ku Mangochi. Tamvani mayina: agogo ndi Takondwa, mwana wawo ndi Chikondi, mkazi wake Chifundo, ana awo Chisomo ndi Chimwemwe, wansomba uja ndi Kondwani. Mayina abwino onsewa. Koma seweroli likaseweredwa chonchi, anthu oonera adzayamba kufunsana kuti kodi wamenyedwayo ndi uti.

Tiyambe ndi agogowo. Munthu sadzipatsa yekha dzina, amachita kupatsidwa, ndipo amapatsidwa atangobadwa. Ndiye wolembawe chita masamu: 2024 kuchotsapo 75, yatsala 1949. Funso si lakuti ndi dzina liti likukusangalatsa lero, koma lakuti mu 1949, m'mudzi wa ku Ntcheu, dziko lino likadali Nyasalandi, azakhali kapena agogo a khandalo akanatchula dzina lanji. Takondwa, Tadala, Tamandani, amenewa tikuwamva kwambiri pa ana ndi achinyamata a masiku ano. Mtsikana wa nthawi imeneyo, ngati makolo ake ankapemphera ku mishoni, mwina anali Esitere, Elube, Enelesi. Ngati anali Akatolika, Tereza kapena Maliya. Amuna a msinkhu womwewo ndi aja a mayina othera ndi soni: Faisoni, Laisoni, Dikisoni, Wilisoni. Ukangomva kuti a Faisoni, m'maso mwako mumabwera kale mkulu wa jekete lakale amene anapitako ku Joni pa Wenela, ulendowo usanaimitsidwe mu 1974.

Koma apa pali china chachikulu. Ndani m'mudzimo angaime pabwalo n'kuitana mayi wa zaka 75 kuti Esitere? Palibe. Kuteroko ndi mwano. Amenewa ndi aNangozo, kapena aNajere, kapena aNagama, poti tili kwa Angoni. Tikanakhala ku Kasungu kapena ku Dowa tikanati aNabanda, aNaphiri, aNambewe. Choncho munthu mmodzi ali ndi mayina angapo, ndipo lililonse lili ndi pakamwa pake. Zidzukulu zimati agogo. Mpongozi amati amayi. Anzawo a kumpingo amati aNangozo. Dzina lija la Esitere lisungeni. Lidzatuluke kamodzi kokha, mwina kuchipatala namwino akuwerenga pabuku, kapena mchemwali wawo wamkulu atakwiya. Tsiku limenelo oonera adzadzidzimuka, chifukwa akudziwa kuti dzinalo silitchulidwa wamba.

Mwana wawo wamwamuna ali ndi zaka 50, anabadwa mu 1974. Chikondi n'lotheka, sindikukana. Koma tafunsani kuti m'nyumbamo munali zotani pamene ankabadwa. Ngati mayiwo anataya ana awiri asanabereke iyeyu, dzina lake likhoza kukhala Mavuto kapena Masautso, ndipo mbiri yonse ya banjalo mwaiuza anthu osawonjeza mzere ngakhale umodzi. Chenjezo langa ndi ili: musam'patse dzina la Mavuto chifukwa choti ndiye wovuta m'seweromo. Dzinalo limanena za mavuto a makolo ake, osati khalidwe lake. Masewero athu ambiri amalakwitsa pamenepa; wakuba amakhala Mavuto, wopemphera amakhala Chisomo, ndiye anthu amadziwiratu mathero chinsalu chisanatsegulidwe. A Mavuto ofatsa alipo ambirimbiri, ena mwakhala nawo pa benchi pomwepo.

Wansomba uja tisachedwe naye. Ngati ndi Myao wa Chisilamu wa ku Mangochi, akhale Che Saidi kapena Che Amidu, mkazi wake Patuma kapena Asiyatu. Akanakhala wa ku Rumphi tikanati a Gondwe, akanakhala wamkazi tikanati NyaGondwe, mwana Tiwonge kapena Vitumbiko. Wa ku Karonga, mayina aja oyamba ndi Mwa, ana ake Lusekelo kapena Lusubilo. Sikuti ku Mangochi kulibe Kondwani. Alipo, anthu amakwatirana, amasamuka. Koma mukasankha dzina losemphana ndi kwawo kwa munthu, mukhale ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimveke penapake m'nkhanimo.

Tsopano za khutu, ndipo apa ndikhalitsapo. Chikondi, Chifundo, Chisomo, Chimwemwe. Onse akuyamba ndi Chi, onse ndi ofanana kutalika powatchula, ndipo onse anayi amapatsidwa kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Kunyumba sizivuta, chifukwa mayi amadziwa nkhope za ana ake. Woonera sewero wakumana nawo lero lomwe, wakhala kumbuyo, mwana akulira pambali pake. Womvera pa wailesi ndiye alibe ngakhale nkhope yoti aone. Kuwonjezera apo, chiyankhulo chathu sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mneni. Ukati anamuthamangitsa, sizikudziwika ngati wathamangitsidwayo ndi bambo kapena mayi. Ntchito yonseyo imagwera pa dzina. Dzinalo likafanananso ndi linzake, womvera watayika.

Kufupikitsa sikuthandiza. Chiko, Chifu, Chiso, Chimwe, ndi chimodzimodzi. Ena amasintha poyambira n'kuiwala pothera: Kondwani, Limbani, Thokozani, Yamikani. Mayina amenewa ukawakuwira patali chimene chimafika ndi ani, ani, ani basi, chifukwa poitana munthu timakoka kumapeto kwa dzina.

Ndiye chitani izi. Lembani mayina onse pa pepala limodzi, motsika pansi. Yang'anani zinthu zitatu: poyambira, pothera, ndi kutalika kwake. Anthu awiri amene amaonekera limodzi kawirikawiri asafanane pa ziwiri mwa zitatuzi. Kenako muuzeni mnzanu amene sanawerenge seweroli atembenuke, ayang'ane kukhoma, inu muwerenge tsamba limodzi mokweza. Mukatha mufunseni kuti ndani wanena chiyani. Akakayikira pa anthu awiri, limodzi mwa mayinawo lichoke.

Tiyeni tikonze lathuli. Agogo ndi aNangozo. Mwana wawo ndi Mavuto. Mkazi wake, wa zaka 45, akhale Eliza, koma m'mudzimo azimuitana kuti amake Chisomo. Chisomoyo tamusiya, Chi mmodzi yekha savuta. Ndi mtsikana wa zaka 19. Mlongo wake wamng'ono akhale Dalo, kufupikitsa Dalitso, dzina lalifupi loti mayi akuwe nalo ali kudimba. Wansomba ndi Che Saidi. Tatchulani nane: aNangozo, Mavuto, Eliza, Chisomo, Dalo, Che Saidi. Mwamva? Chisomo ndi Che Saidi ayandikana pang'ono poyambira, ndi zoona amayi, mwamva bwino. Koma wina akuthera ndi mo, wina ndi di, wina ndi mtsikana wapakhomo, wina ndi mlendo wobwera kawiri kokha. Amenewo angakhale. Akanakhala kuti ali limodzi m'chigawo chilichonse, ndikanamusintha wansombayo n'kukhala Amidu.

Funso la abambo apo lakuti bwanji kungotenga mayina a anthu a m'mudzi mwathu momwemo. Tengani dzina loyamba kwa uyu, mfunda kwa wina, koma musatenge zonse ziwiri kwa munthu mmodzi, makamaka ngati m'seweromo akuba mbuzi. Mlandu wake ukathera kwa amfumu. Tsopano gulu lililonse litulutse pepala, tilembe mayina aja motsika pansi, ndizungulira kudzaona.